Bawo ya pa tireyi ya mazira: gemu yogwira ana m'nyumba mvula ikakana kukata

Mvula ya kuno ku Nkhotakota mukuidziwa, ikayamba mu Januwale kapena Febuluwale imatha kugwa kuyambira m'mawa mpaka nsima ya masana ipse osapumako, panja ponse thope, ana atatu anayi ali pa sitingirumu yaing'ono kumangokankhana, uyu akulira uyu wakwera pampando. Ambiri timathamangira nthano kapena foni. Koma nthano pansi pa malata mvula ikulindima simungamvane, mumangotha mawu, ndipo foni ndi imodzi ana ndi ambiri, magetsi akathima basi batire yatha ndewu yayambiranso. Ine chimene ndimalimbikitsa ndi bawo. Siifuna malo, siifuna kukuwa, ndipo mwana akaigwira bwino amakhala pansi mpaka mumuitane kawiri kuti adzadye. Kungoti musawapatse bawo ya madala ija ya pansi pa mtengo wa mango, imeneyo ili ndi malamulo ambiri mwana wa zaka 6 atopa nayo musanamalize kufotokoza. Pano ndikupatsani yophweka, ya pa tireyi imodzi ya mazira.

Zoti mupeze mvula isanakutsekereni

Tireyi ya mazira ya pepala ija, ya maenje 30. Pemphani kwa a golosale kapena amene amagulitsa mazira mumsika, nthawi zambiri amazisunga kuti akaoderenso ndiye pemphani yomwe yayamba kutha m'mbali, sangakukanizeni. Muione kaye, ikakhala kuti munaswekerapo dzira isiyeni, imanunkha komanso imaitana nyerere.

Tireyiyo ili ndi mizere 5 ya maenje 6. Muiike pakati pa ana awiri atakhala moyang'anana, mbali ya maenje 6 ndi imene iyang'ane mwana aliyense. Mizere iwiri ya kufupi ndi mwana uyu ndi yake, iwiri ya kufupi ndi winayo ndi ya winayo, mzere wapakati sugwira ntchito, umangokhala malire. Kwathu ana amautcha Bua, ati palibe wowoloka. Mzere wopanda kanthuwu umathandiza kwambiri chifukwa ongophunzira amakonda kusochera kukalowa m'maenje a mnzawo.

Kenako njere 48, ziwiri dzenje lililonse. Nkhomo zenizeni zija ndi zazikulu pa maenje a tireyi, zikangofika zisanu dzenje ladzadza, ndiye bola nthanga za bwemba, timiyala ta kunyanja tofanana ndi mtedza kukula kwake, kapena chimanga chouma chakudya. Apa ndiime kaye. Nyengo ino m'nyumba zambiri mumakhala mbewu yotsala podzala, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ana amaikonda chifukwa cha mtunduwo. Ayi ndithu musawapatse, utotowo ndi chizindikiro choti inathiridwa mankhwala, ndipo mwana amagwira njere kenako chala m'kamwa. Nthanga za nsatsi nazonso ayi, ndi zokongola koma ndi poizoni mwana akatafuna.

Tireyi ya pepala imadana ndi chinyezi. Simenti ya nyengo ino imatuluka thukuta, dothi ndiye kwambiri, mukaiika pansi penipeni pofika madzulo yafewa maenje abooka. Yalani mkeka kapena thumba louma, kapena ikani pa katebulo, kufupi ndi windo kuti kuwale koma osati pamene pakudontha.

Chomaliza tengani bolopeni kapena maka mulembe manambala m'mphepete mwa maenje. Mzere wakumbuyo, umene uli kufupi ndi mimba ya mwana, lembani 1 mpaka 6 kuyambira kumanzere kupita kumanja. Mzere wakutsogolo lembani 7 mpaka 12 kuyambira kumanja kubwerera kumanzere. Mutembenuze tireyi mulembe chimodzimodzi mbali inayo. Ndiye kuti mwana akamangotsata manambala, 1, 2, 3 mpaka 12 kenako kubwerera pa 1, akuzungulira m'maenje ake okha. Madala akaona manambalawa aseka, asekeni nawo, koma amachotsa mikangano yambiri.

Kaseweredwe kake

Woyamba asankhe dzenje lake lililonse lomwe muli njere ziwiri kapena kuposa. Atape zonse, dzenjelo litsale lopanda kanthu, ndiye azigwetsa imodzi imodzi m'maenje otsatira, kuyambira dzenje loyandikana nalo osati lomwe watapamo. Njere imodzi yokha siyenda, ameneyo ndi lamulo loti mulinene msanga.

Nkhani yonse ili pa njere yomaliza, kumene yagwera.

Ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona. Dzanja lichoke, asewere mnzake.

Ikagwera m'dzenje lomwe munali kale njere, sanathe, atape zonse za m'menemo pamodzi ndi yomwe wagwetsayo apitirize ulendo. Izi zimachitika mumzere wakumbuyo nthawi zonse, komanso wakutsogolo ngati dzenje la mnzake loyang'anana nalo lilibe kanthu.

Koma ikagwera kutsogolo, m'dzenje lomwe munali kale njere, ndipo kutsidya kwa Bua dzenje la mnzake loyang'anana nalo muli njere, pamenepo wadya. Atenge zonse za m'dzenje la mnzakelo, aphatikize ndi za m'dzenje lake lija, apitirize kugwetsa kuyambira dzenje lotsatira. Amadya za mzere wakutsogolo zokha, za kumbuyo kwa mnzake sazikhudza. Ndipo zinthu ziwiri zonsezi zikhalepo, kwake kukhale njere kale, kwa mnzake kukhalenso njere. Ana amakonda kudya pomwe agwera m'dzenje lopanda kanthu poti aona mulu kutsidyako, ayi, ameneyo wagona basi ngakhale muluwo ukhale wa njere 10.

Woluza ndi amene mzere wake wakutsogolo watha psiti, kapena watsala ndi njere imodzi imodzi zokhazokha moti palibe dzenje loti atape.

Malamulo ndi omwewa. Musawalakatule onse nthawi imodzi ngati ulaliki, khalani pansi musewere gemu yoyamba inuyo ndi wamkulu mwa anawo, enawo akuonerera, lamulo lililonse muzilinena pomwe lafika.

Tiyeni tiyende limodzi ulendo woyamba

Tengani tireyi yanu muzitsata ndi dzanja, kungowerenga chabe zikusokonezani. Tinene kuti akusewera ndi mtsikana wamkulu ndi mlongo wake wamng'ono, maenje onse muli ziwiri ziwiri, akuyamba ndi mtsikanayo.

Watapa pa 1. Wagwetsa pa 2 ndi pa 3. Yomaliza yagwera pa 3 pomwe panali kale ziwiri, tsopano zilipo zitatu, ndi kumbuyo ndiye palibe kudya, watapa zitatuzo. Pa 4, pa 5, pa 6. Pa 6 panalinso njere, watapa zitatu. Pa 7, pa 8, pa 9. Eya, pa 9 ndi kutsogolo, panali njere, ndipo kutsidya kwake kuli dzenje 10 la mlongo wake muli ziwiri. Wadya. Ziwirizo kuphatikiza zitatu zake za pa 9, m'manja muli zisanu. Pa 10, pa 11, pa 12, kukhota pa 1, pa 2. Pa 2 panali zitatu, tsopano zinayi, watapa. Pa 3, pa 4, pa 5, pa 6. Pa 6 paja anatapapo kale ndiye ndi popanda kanthu, wagona.

Mukayang'ana mbali yake izioneka chonchi: kumbuyo kuyambira pa 1 kuli 1, 0, 1, 4, 4, 1, kutsogolo kuyambira pa 7 kuli 3, 3, 0, 3, 3, 3. Zonse pamodzi 26, mlongo wake watsala ndi 22. Ngati zanu zasiyana ndi izi ndiye kuti penapake mwadumpha dzenje kapena mwagwetsa ziwiri, bwezani muyambirenso, ndi njira yabwinonso yoyesera ngati mwana wamva.

Tsopano mnyamata uja. Apa ndi pamene mumaphunzitsira kuganiza. Mwana wongoyamba amatapa paliponse pomwe dzanja lafikira. Atati atape pa 8, agwetsa pa 9 ndi pa 10, ndipo pa 10 ndi pomwe anamudyera paja, palibe kanthu, wagona pompo osadya ngakhale imodzi. Ndiye musanamulole kutapa mufunseni kuti iwe, ukatapa apa yomaliza ikagwera pati? Awerenge ndi chala m'mwamba osakhudza njere. Akayesa pa 5 aona kuti ziwirizo zikugwera pa 6 ndi pa 7, ndipo pa 7 pake pakuyang'anana ndi 12 wa achemwali ake pomwe pali zitatu. Wadya zitatu, kuphatikiza zitatu zake, zisanu ndi imodzi m'manja. Pa 8, 9, 10, 11, 12, pa 1. Watapa zitatu za pa 1, wagwetsa pa 2, 3, 4. Watapa zitatu za pa 4, wagwetsa pa 5, 6, 7, ndipo pa 7 ndi pomwe anachotsapo podya paja, wagona. Iye ali ndi 25 tsopano, achemwali 23. Muone nkhope yake pamenepo.

Funso lomwelo la yomaliza ikagwera pati muzilibwereza masiku oyamba mpaka azidzifunsa yekha. Lachiwiri limabwera pambuyo pake, loti mulu wako waukuluwo uli kutsogolo, mnzako angaufikire? Mwana akazindikira kuti mulu wa kumbuyo sudyedwa koma wa kutsogolo uli pangozi, ndiye kuti wayamba kusewera bawo, sakungosuntha njere. Ena amapitirira muyeso kumangounjika zonse kumbuyo, akumbutseni kuti kutsogolo kukatha aluza ngakhale kumbuyo kuli kodzadza.

Pomwe zimavuta

Kubera kulipo, tisanamizane, ngakhale mwana wofatsa uja. Njira zake ndi zodziwika: kudumpha dzenje kuti yomaliza ikagwere pabwino, kugwetsa ziwiri malo amodzi, kapena kubisa imodzi pakati pa zala. Mankhwala ake ndi awiri. Wosewera aziwerenga mokweza pogwetsa, ndipo akagona atambasule dzanja onse aone. Mkangano ukabuka werengani njere zonse, zikwane 48. Zikapanda kukwana yang'anani pansi pa mkeka, pansi pa tireyi, kenako m'manja mwa amene akukuwa kwambiriyo.

Kutapa ndi kutapa, palibe zoti ndimangoyesa. Mukalola kubweza kamodzi kokha gemu siidzathanso chifukwa palibe amene amakumbukira mmene njere zinalili. Kwa wamng'ono kwambiri mutha kumulola kuwerenga ndi chala nthawi yaitali mmene angafunire, koma akatapa yapita.

Nthawi zina gemu imakana kutha, njere kumangopita uku ndi uku. Ikani malire, mwachitsanzo maminitsi 15 pa wotchi kapena mpaka mpunga upse, nthawi ikakwana aliyense awerenge za mbali yake, wochuluka wawina. Zimachitikanso mwa apo ndi apo kuti ulendo umodzi ukungozungulira osagona, ukapitirira maulendo atatu ozungulira bolodi yonse osadya kanthu muuimitse pomwe wafika asewere winayo. Limeneli ndi lamulo la panyumba chabe.

Vuto lalikulu kwenikweni si la awiri akusewerawo, ndi la amene akudikira. Bawo ndi ya anthu awiri, ana muli nawo anayi kapena abweranso a neba. Mukangoti wowina akhalebe, wamkulu akhala pamenepo tsiku lonse ang'ono atopa ayamba kugwetsa zinthu. Chitani chonchi: wowina kawiri motsatizana achoke, alowe ena awiri. Amene akudikira mumupatse udindo, akhale refu, ntchito yake kuyang'ana manja ndi kuwerengera limodzi, ana amaukonda udindo umenewu kuposa mmene mungaganizire. Akakhala ambiri apangeni matimu awiri awiri, wamkulu ndi wamng'ono mbali imodzi, wamkulu azilangiza koma wogwira njere akhale wamng'ono. Kapena ingopezani tireyi yachiwiri, magemu awiri aziyenda nthawi imodzi owina adzakumane mu fayinolo.

Ngati wamkulu akungowina mosavuta, muchotsereni njere zinayi za kumbuyo musanayambe mumupatse wamng'ono, ayambe ndi 20 mnzake 28. Adandaula pang'ono koma gemu imakoma.

Komanso ana amene akhala m'nyumba kuyambira m'mawa miyendo imawayabwa, sangakhale pansi nthawi yomweyo. Musanayale tireyi sunthani katebulo, alumphe ngati achule kuchoka kukhoma kufika kukhoma kangapo, kapena avine nyimbo ziwiri, atuluke kathukuta kaye. Pakati pa magemu refu ndi woluza athanso kulumphako. Kungoti mbaula ikhale kutali, ndipo ngati mwailowetsa m'nyumba chifukwa cha mvula windo likhale lotsegula, utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete.

Kamwana kokwawa kaja

Apa ndiye musatayirire. Mwana wosakwana zaka 3 chilichonse chaching'ono chimapita m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu, ndipo njere za bawo ndi saizi yomweyo. Ngati alipo m'nyumbamo tireyi ikwere pa tebulo, iye mumupatse zake zazikulu, zitsononkho zouma kapena makapu a pulasitiki aziunjika ndi kugwetsa. Pomaliza kusewera kuwerenga kuja kubwerenso, 48 zonse zilowe m'botolo lotseka, ikasowa imodzi isakidwe mpaka ipezeke.

Zikachitika kuti njere yalowa m'mphuno, musatokose ndi kamtengo ka machesi kapena chipanera, mumangoikankhira m'kati. Ngati mwanayo ndi wotha kumva, tsekani mphuno inayo ndi chala amine mwamphamvu. Ikakana pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ya m'khutu musathiremo madzi, chimanga ndi nyemba zimafufuma zikanyowa ndiye kuchotsa kwake kumavuta kwambiri. Chizindikiro choti mwana anadziika kanthu m'mphuno inu osaona ndi mamina onunkha otuluka mbali imodzi yokha patapita masiku.

Akaizolowera, ikulitseni

Pakatha sabata kapena ziwiri za mvula muona kuti tireyi imodzi yawachepera, ayamba kuloweza mayendedwe oyamba. Pezani tireyi ina, mudule ndi sizasi chidutswa cha maenje awiri m'lifupi, mizere isanu yomwe ija, muchilumikize kumapeto ndi selotepi kapena ulusi. Tsopano mzere uliwonse uli ndi maenje 8, onse ogwira ntchito 32, njere 64, ndiye kukula kwa bawo yeniyeni kumeneko. Manambala akhala 1 mpaka 16.

Malamulo owonjezera muziwalowetsa limodzi limodzi, osati onse tsiku limodzi. Loyamba, aloleni kuyenda mbali iliyonse, kumanja kapena kumanzere, bola akayamba ulendo asatembenuke pakati. Ili lokha limasintha gemu yonse chifukwa dzenje lililonse tsopano lili ndi njira ziwiri zoti awerenge. Lachiwiri, ngati pali poti adye ayenera kudya, saloledwa kuzemba. Lachitatu ndi la kadyedwe ka akuluakulu: akadya, njere zake za m'dzenje lija amazisiya pomwepo, amatenga za mnzake zokha n'kukayamba kuzigwetsa kuchokera dzenje la kumapeto kwa mzere wake wakutsogolo kulowera m'kati. Akadyera pa maenje awiri a kumapeto amayambira mbali yomweyo imene wadyerayo. Ndipo ulendo woyamba wopanda kudya, uja amati kutakata, umakhala wopanda kudya mpaka agone, ngakhale panjira adutse pa mulu wonona bwanji.

Ya nyumba ija, yokhala ndi dzenje la makona anayi kutsogolo, imene kuno ku Malawi amayamba ndi nkhomo 8 m'nyumba, ziwiri ziwiri m'maenje awiri oyandikana nayo ndi 20 m'manja, imeneyo musavutike kuiphunzitsa kuchokera pa foni. Kuno ku Nkhotakota, komwe amalonda a Chiswahili a Jumbe anakhazikika kuyambira zaka za m'ma 1840, odziwa bawo sasowa, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi madala ake. Mwana akafika poti akutha kuwerenga ulendo wonse m'mutu asanatape, mutumizeni kwa agogo ake aamuna kapena amalume tsiku lomwe kwacha bwino, akamuonetse pa bolodi ya mtengo. Mumuuziretu kuti malamulo ena akawapeza osiyana ndi a pa tireyi, makamaka kadyedwe, asakakangane nawo kuti amayi anati chakuti.